Poizoni wa m'chinangwa chowawa sathawa moto, amathawa madzi ndi dzuwa

Ku Nkhata Bay, ku Nkhotakota, ku Likoma ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja, mabanja ambiri amadya nsima ya kondowole masana ndi madzulo chaka chonse. Chinangwa chimene amapangira ufawo ndi chija chowawa, monga Gomani, choti munthu atachidya chachiwisi mpaka kukhuta akhoza kufa tsiku lomwelo. Koma ana a kumeneko amakula bwinobwino, amathamanga pamchenga ndi kupalasa bwato. Tsidya lina la malire, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, chinangwa chowawa chomwechi chinapuwalitsa miyendo anthu oposa 1,000 m'chaka cha 1981 chokha. Mbewu ndi yofanana, ndipo poizoni wake ndi mmodzi. Chinasiyana ndi zimene zinachitika pakati pa kukumba ndi kudya.

Ambiri akafunsidwa chimene chimachotsa poizoniyu amayankha msanga kuti ndi moto: ukaphika bwino, basi zatha. Yankho limeneli lili ndi choonadi pang'ono chabe, ndipo ndi limene limaika mabanja pangozi. Pa chinangwa chowawa, moto umangomalizitsa ntchito imene madzi, nthawi ndi dzuwa zagwira kale. Ukathamangira moto ntchito inayo isanachitike, ukhoza kutsekera poizoniyo m'kati.

Kuti zimveke, tiyambire m'kati mwa muzu. Chinangwa chikadali m'nthaka sichikhala ndi sayanaidi weniweni. Chimakhala ndi mankhwala otchedwa linamarini, amene mwa iwo okha savulaza kwenikweni, ndiponso enzaimu yotchedwa linamarezi, imene ntchito yake ndi kuphwanya linamariniyo. Ziwirizi mbewu imazisunga motalikirana m'timaselo take, ngati machesi ndi palafini zosungidwa m'zipinda zosiyana. Nguluwe ikaluma muzu, kapena munthu akausinja, timaselo timasweka ndipo ziwirizi zimakumana. Linamarini imasweka n'kutulutsa shuga ndi mankhwala ena apakati otchedwa sayanohaidirini. Amenewa nawo amasweka n'kutulutsa sayanaidi weniweni uja, amene akatswiri amamulemba kuti HCN. Sayanaidi ameneyu sachedwa kuuluka: amasanduka mpweya pa madigiri 26 okha, kutentha kwa masana wamba kunyanja.

Choncho kukonza chinangwa chowawa ndi kuchititsa dala zimene mbewu inakonzera mdani wake, koma kuzichititsa panja, m'mtsuko ndi pathandala, osati m'mimba mwa mwana. Ndipo apa ndi pamene moto umasokoneza. Linamarezi imafa kutentha kukapitirira pang'ono madigiri 70, pamene linamarini imapirira ngakhale madzi atawira. Munthu akasenda Gomani n'kuponya mumphika wa madzi otentha, wapha wantchito amene akanachotsa poizoni, ndipo linamarini yambiri yatsalira mu muzu wakupsawo. Ina imasungunukira m'madzi ophikirawo, inde, koma yotsalayo ikafika m'matumbo, tizilombo tokhala m'menemo timaiphwanya, sayanaidi n'kutulukira m'thupi. Kukazinga ndi kuwotcha pamakala n'kumene kumachotsa pang'ono kwambiri.

Amayi a kunyanja sadziwa mayina amenewa, koma ndondomeko yawo imatsata sayansiyi sitepe ndi sitepe. Chinangwa chikakumbidwa amachisenda, chifukwa m'makoko ndi mmene muli linamarini yochuluka kuposa m'kati moyera. Mizu ikuluikulu amaidula kuti ifanane ndi inzake. Kenaka amaviika m'mitsuko, m'migolo, kapena m'maenje a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, madzi atamiza chinangwa chonse. Chidutswa chimene chasuzumira kunja kwa madzi sichifewa, n'chifukwa chake ena amapsinja ndi mwala pamwamba.

Tsiku loyamba palibe chooneka. Pofika lachiwiri pamwamba pamayamba thovu ndipo fungo losasa lija limamveka. Amenewo ndi mabakiteriya amene ayamba kudya shuga wa m'chinangwa n'kutulutsa asidi, pamodzi ndi ma enzaimu amene amasungunula zomangira timaselo. Muzu ukamafewa, zipinda zija zimatseguka paliponse nthawi imodzi, linamarezi n'kufikira linamarini yonse, ndipo ina imatulukira m'madzi. Nyengo yotentha, mu Okutobala ndi Novembala, masiku atatu kapena anayi amakwana. Mu Juni ndi Julayi madzi akazizira, mabakiteriya amachita ulesi ndipo pamafunika masiku asanu, asanu ndi limodzi, mwina kupitirira. Chotero kuwerenga masiku kokha sikokwanira. Woweruza weniweni ndi chala: muzu wokonzeka umaphwanyika ukaufinya, mtsitsi wapakati umasololoka wosakakamira, ndipo pakati pake sipakhala pouma kapena polimba. Chidutswa chimene chafewa kunja kokha koma m'kati chikadali gwa, chibwerere m'madzi.

Madzi oviikirawo asaiwalike. Muli poizoni amene watuluka, ndipo mbuzi, nkhumba kapena nkhuku zikamwa zikhoza kufa. Atayidwe m'dzenje kutali ndi chitsime, ndipo asaphikiridwe kanthu.

Pali gawo lina limene ngakhale odziwa kuviika amalipeputsa, ndilo kuyanika. Kusasa kuja kumene kumathandiza kufewetsa muzu kuli ndi vuto lake: sayanohaidirini akakhala mu asidi sasweka msanga, amakhazikika. Ndiye kuti chinangwa chongovuula kumene, chofewa bwino ndi chonunkhira kondowole, chikhoza kukhala kuti linamarini yatha koma mankhwala apakati aja akadali tho. Amenewa ndi oopsa kuposa linamarini yeniyeniyo, chifukwa akafika m'matumbo, mmene mulibe asidi, amasweka mosavuta n'kutulutsa sayanaidi. Chimene chimawachotsa ndi kutsuka, kusinja kapena kunyenyanyenya chinangwacho kuti chikhale tizidutswa ting'onoting'ono, n'kuchiyanika mopyapyala pamwala, pamphasa kapena pathandala mpaka chiume kuti gwa. Dzuwa likamawala bwino, masiku awiri kapena atatu amakwana. Chouma bwino chimathyoka kuti thyo ndipo chimafumbutuka ufa. Chikamapindika kapena kumveka chozizira m'manja, sichinafike. Nthawi ya dzinja, mvula ikamagwa masiku otsatizana, ndi pamene mabanja amakopeka kusinja chinangwa chachinyezi kapena kuchiumitsa mothamanga pamoto, ndipo kondowole wa masiku amenewo ndi amene amabweretsa chizungulire.

Kuphika kumabwera pomaliza. Nsima iphikidwe mpaka ipse, mphika uli wosavundikira pamalo podutsa mphepo, kuti sayanaidi wotsalira auluke ndi nthunzi.

Manambala pang'ono angathandize kuona kukula kwa kusiyanaku. Malire amene mabungwe a FAO ndi WHO anaika pa ufa wa chinangwa ndi mamiligalamu 10 a sayanaidi pa kilogalamu imodzi ya ufa. Chinangwa chozizira, monga Manyokola amene ena amati Mbundumali, chimakhala ndi mamiligalamu osafika 50 pa kilogalamu ya muzu wauwisi, pamene chowawa chimatha kufika mazana angapo. Tiyerekeze kuti mayi wakumba dengu la chinangwa chowawa chokhala ndi mamiligalamu 200 pa kilogalamu. Popeza muzu wauwisi ndi madzi ambiri, pamafunika pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka a chinangwa chosenda kuti papezeke kilogalamu imodzi ya ufa. Kukanakhala kuti palibe chimene chikuchoka, ufawo ukanakhala ndi mamiligalamu 500.

Mayiyu akasankha kungosenda, kudula ndi kuyanika padzuwa, monga amapangira makaka kuchigawo cha kummwera, kafukufuku wa ku Mozambique anapeza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi, mwinanso limodzi mwa atatu, limatsalira. Chifukwa chake n'chakuti muzu wongodula timaselo take tambiri sitisweka, ndipo ukauma enzaimu ija imaleka kugwira ntchito popeza imafuna madzi. Ufa wake ndiye ukhala ndi mamiligalamu 125 kapena kuposa, kuchulukitsa malire aja koposa kakhumi. Akaviika mpaka chifewe, n'kusinja ndi kuyanika mpaka chiume, chotsalira chimatha kutsika kufika pa magawo awiri okha pa 100 aliwonse, amene ndi mamiligalamu 10. Dengu ndi lomwelo, munda ndi womwewo. Makaka alibe mlandu akapangidwa ndi chinangwa chozizira; vuto limayamba njira ya makaka ikagwiritsidwa ntchito pa mbewu ya kondowole.

Nanga bwanji osangosiya kulima chowawacho? Funso limeneli alangizi akhala akufunsa kwa zaka zambiri, ndipo amene analiyankha bwino ndi alimi eni ake. M'zaka za m'ma 1990, Linley Chiwona-Karltun, katswiri wa ku Malawi amene amagwira ntchito ku Sweden, anachita kafukufuku pakati pa amayi olima chinangwa ku Nkhata Bay. Amayiwo anafotokoza kuti kuwawako ndi mlonda wa munda. Wakuba sangazule Gomani n'kumatafuna panjira, anyani ndi nguluwe amachipewa, ndipo ngakhale a m'banja momwemo sangamakumbe mwachisawawa, chifukwa chinangwa choyenera kuviikidwa masiku angapo chimakhala m'manja mwa mayi amene amadziwa kuti chakudya chiyenera kufika mwezi uti. Kwa mayi amene ali yekha, wopanda mwamuna wolondera munda usiku, zimenezi si zazing'ono. Kafukufukuyu anapezanso zinthu ziwiri zofunika. Choyamba, alimi akalawa kansonga ka muzu n'kunena kuti ukuwawa kwambiri kapena pang'ono, mawu awo ankagwirizana ndi zimene makina a mu labotale anapeza. Chachiwiri, mikodzo ya anthu odya kondowole tsiku ndi tsiku inaonetsa kuti sayanaidi wolowa m'thupi mwawo anali wochepa. Kuviika kunkagwira ntchito, m'dera limene madzi sasowa chaka chonse.

Ku Nampula mu 1981 madziwo ndi amene kunalibe. Kunagwa chilala, mbewu zina zonse zinapserera, n'kutsala chinangwa chowawa chokha. Chilala chimachititsanso kuti mbewuyi ichulukitse linamarini m'mizu yake, moti ngakhale mtundu umene anthu anauzolowera umawawa kuposa kale. Mabanja anjala sakanadikira milungu yoti chinangwa chiume monga mwa chizolowezi chawo. Ankasinja, kuyanika tsiku limodzi kapena awiri, n'kuphika. Ndiwo kunalibe. Posakhalitsa ana ndi amayi anayamba kudzuka m'mawa miyendo itauma, akuyenda chonyang'ama ndi zala za kumapazi, mawondo akugundana, ena osatha n'kuima komwe. Anthu a kumeneko anawatcha matendawa mantakassa. Mmodzi mwa madokotala amene anafufuza anali Hans Rosling wa ku Sweden, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Nacala, pamodzi ndi Julie Cliff ndi anzawo a ku unduna wa zaumoyo wa dzikolo. Poyamba ankaganizira kachilombo kopatsirana, koma mapeto ake umboni unaloza ku mphika.

Matendawa dziko lonse limawadziwa ndi dzina loti konzo, ndipo dokotala wa ku Italy, Giovanni Trolli, anali atawalemba kale mu 1938 m'dziko limene lero ndi Democratic Republic of Congo. Amayamba mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena masiku owerengeka, amagwira miyendo yonse iwiri mofanana, ndipo sachiritsika. Amagwira kwambiri ana opitirira zaka ziwiri ndi amayi a msinkhu wobereka.

Nkhani ya ku Congo ndi imene iyenera kutsegula maso a anthu a kuno, chifukwa kumeneko madzi analipo ndipo anthu ankadziwa kuviika. M'chigawo cha Bandundu mwambo unali woviika mausiku atatu. Msewu wa tala wopita ku Kinshasa utamangidwa m'zaka za m'ma 1970, malole a ogula chinangwa anayamba kufika m'midzi, ndipo sankadikira. Amayi, pofuna kupezerapo ndalama lole isanachoke, anayamba kuvuula chinangwa patangotha usiku umodzi kapena awiri, ndipo chomwecho ndi chimene ankadyanso pakhomo. Konzo anabuka m'midzi imeneyo. Ofufuza a ku Congo ndi ku Sweden, Jean-Pierre Banea ndi Thorkild Tylleskär, anaonetsa kuti kufupikitsa masiku oviika ndi kumene kunali gwero. Apa njala ya chilala panalibe. Panali msika wothamanga ndi umphawi. Aliyense amene waona mavenda akudikira matumba a ufa wa kondowole m'mbali mwa msewu wa kunyanja angamvetse mmene mayi angakopekere kuchotsako tsiku limodzi.

Ndiwo nazo zili ndi mbali yake, ndipo yaikulu. Thupi la munthu lili ndi njira yake yochotsera sayanaidi wochepa: chiwindi chimamuphatikiza ndi salufa n'kumusandutsa thayosayaneti, amene amatuluka ndi mkodzo. Salufa ameneyu amachokera ku zakudya zomanga thupi monga nsomba, mazira, nyama, nyemba ndi mtedza, pamene m'chinangwa muli wochepa zedi. Kondowole wodyera usipa kapena utaka ndi wosiyana kwambiri ndi kondowole wodyera mchere wokha. N'chifukwa chake konzo amapezeka pamene zinthu ziwiri zakumana, ufa wokonzedwa mothamanga ndi mbale yopanda ndiwo, kwa milungu ingapo motsatizana. Thayosayaneti akachuluka amalepheretsanso thupi kugwiritsa ntchito ayodini, zimene zimakulitsa vuto la chithokomiro kumene mchere wa ayodini sufika.

Kumene madzi ndi osowa kuli njira zina. Kumpoto kwa Mozambique ndi ku Uganda anthu amasenda chinangwa, kuchiunjika mulu, n'kuchifunditsa masamba kwa masiku atatu kapena kuposerapo mpaka chimere chuku ndi kufewa, kenaka amapala chukucho n'kuyanika. Njirayi imachotsa poizoni kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi kungoyanika, koma pa dengu lathu lija la mamiligalamu 200 ingasiyebe oposa 60. Ku West Africa amapala chinangwa pa chopalira kuti chikhale phalaphala, amachiika m'thumba n'kupsinja ndi miyala masiku awiri kapena atatu, kenaka n'kukazinga kukhala gari. Kupalako kumaswa timaselo pafupifupi tonse, choncho njirayi ndi yamphamvu ngati kuviika.

Chigwada chimatsata lamulo lomwelo. Masamba a chinangwa ali ndi linamarini yochuluka kuposa mizu, koma alinso ndi linamarezi yambiri. Kusinja mumtondo mpaka atafewa ndi kumene kumayambitsa ntchito, ndipo kuwiritsa kwa theka la ola kapena kuposa, mphika uli wotsegula, kumamaliza. Masamba ongodula ndi mpeni n'kuwafwafwaza ngati chisoso ndi oopsa. Chinangwa chozizira chophika cha m'mawa chija chisendedwe, chidulidwe tizidutswa, chiwire m'madzi ambiri ndipo madziwo atayidwe. Kutafuna Manyokola wauwisi n'chizolowezi cha ambiri m'misika yathu, ndipo wamkulu wokhuta bwino kachidutswa sikamuchita kanthu. Koma mwana wamng'ono wanjala asapatsidwe, ndipo muzu uliwonse umene wawawa palilime ulavulidwe ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi wozizira.

Wogula ufa mumzinda ndiye ali pamavuto ena, chifukwa ufa woyera sunena mbiri yake. Mu Seputembala 2017, m'boma la Kasese ku Uganda, anthu 98 anadwala ndipo awiri anamwalira atadya chakudya cha ufa wa chinangwa wogula kwa amalonda, ena mwa iwo pamaliro. Ufawo unali wa chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino. Zizindikiro za poizoni wotere zimayamba patangopita maola ochepa munthu atadya: mutu, chizungulire, nseru, kusanza, kupweteka ndi kutsegula m'mimba, kufooka, kenaka kupuma movutika ndi kukomoka. Anthu angapo a nyumba imodzi akayamba zimenezi atadya nsima imodzi, ana ndiwo amafooka msanga, ndipo ofunika ndi kuthamangira nawo kuchipatala osadikira kuti kuche, atanyamula ufa wotsalawo ndi kuwauza achipatala chimene chadyedwa. Mankhwala othana ndi sayanaidi alipo, koma amathandiza akaperekedwa msanga.

Pa ufa wokayikitsa pali njira imene Howard Bradbury, katswiri wa ku Australian National University, anaipeza cha m'ma 2005. Imadalira mfundo yakuti mu ufa wongoyanika padzuwa enzaimu ija sinafe, yangogona chifukwa chosowa madzi. Ufa umathiridwa m'beseni n'kusalazidwa, ndipo pamene walekezera pamaikidwa chizindikiro. Kenaka amathira madzi oyera pang'onopang'ono akusakaniza. Ufawo umayamba watsika, n'kukweranso, ndipo ukafika pachizindikiro paja madzi akwana. Ukhale wonyowa paliponse, wopanda mibulu youma, koma usakhale phala. Ufa wonyowawo umayalidwa palichero kapena pamphasa yoyera, kuchindikala kwake kusapitirire sentimita imodzi, pafupifupi kutalika kwa chikhadabo, kuti mpweya wa sayanaidi upeze potulukira. Umakhala maola asanu pamthunzi kapena awiri padzuwa, ndipo ukatero umaphikidwa tsiku lomwelo monga mwa nthawi zonse, kungochepetsako madzi a mumphika.

Njirayi imachepetsa sayanaidi katatu mpaka kasanu ndi kamodzi. Banea ndi anzake ataiphunzitsa kwa amayi a m'mudzi wa Kay Kalenge ku Congo mu 2010, konzo watsopano analeka kuoneka m'mudzimo, ndipo pambuyo pake inafalitsidwa m'midzi ina khumi ndi iwiri. Malire ake ndi awa: ufa wa mamiligalamu 45 ungatsike kufika pafupi ndi 10, koma ufa wa mayi uja wa mamiligalamu 125 ungatsalebe pakati pa 20 ndi 40, ndipo ngati chinangwacho chinaumitsidwa pamoto enzaimu n'kufa, kunyowetsako kumachotsa pang'ono pokha.